Masiku anayi, maola khumi: kodi thupi lingapirire?

Mu Febuluwale 2013, ogwira ntchito m'boma ku Gambia anayamba kugwira masiku anayi okha pa sabata. Pulezidenti wa nthawiyo, Yahya Jammeh, analamula kuti maofesi azitsegulidwa 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, kuti Lachisanu anthu azipemphera, kulima ndi kucheza ndi abale. Adama Barrow atalowa m'boma mu 2017 analibweza Lachisanulo, ngakhale kuti anthu amaweruka masana. Chigawo cha Utah ku America chinayesanso zomwezi mu 2008, pofuna kuchepetsa ndalama za magetsi m'maofesi a boma. Zimene anapulumutsa zinachepa kwambiri poyerekeza ndi madola 3 miliyoni amene ankayembekezera pa chaka, anthu ofuna thandizo Lachisanu ankapeza zitseko zotseka, ndipo mu 2011 dongosololi linatha.

M'malo onse awiriwa ntchito sinachepe. Maola a sabata sanatsike, kungoti anaunjikidwa m'masiku ochepa. Izi n'zosiyana ndi zimene makampani 61 a ku Britain anayesa mu 2022, pamene antchito pafupifupi 2,900 anachepetseredwa maola enieniwo koma malipiro osasintha. Anthu ambiri amaziphatikiza ziwirizi, ndipo bwana wina akamva kuti ku Britain antchito anasangalala, amaganiza kuti nawo ake asangalala akawauza kuti aziweruka kutada. Nkhani yathu ndi ya mtundu woyamba uja, wa maola ounjikidwa, chifukwa ndi umene eni ntchito kuno kwathu angauvomere msanga. Sawonjezera malipiro, jenereta imapuma tsiku limodzi, ndipo wantchito amapulumutsa ndalama ya minibasi ya tsiku lathunthu sabata iliyonse. Phindu limeneli ndi lenileni. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pokonza dongosololi anthu amawerenga maola a sabata, pamene thupi la munthu limatopa ndi kupuma tsiku ndi tsiku.

Masamu oyamba ndi osavuta. Amene amagwira maola 40 pa sabata azigwira maola 10 pa tsiku. Wa maola 45 azigwira maola 11 ndi mphindi 15. Wa maola 48 azigwira maola 12. Lamulo la za ntchito la ku Malawi la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, ndipo limalola kuti munthu wogwira masiku osapitirira asanu afike maola 12 pa tsiku. Alonda ndi ogwira mashifiti malire awo ndi maola 8. Choncho ofesi kapena fakitale yogwira masana okhaokha ikhoza kusamukira ku masiku anayi osaphwanya malire amenewa, bola mgwirizano wa ntchito ulembedwenso ndipo antchito avomere.

Komatu malire a lamulo ndi pamene munthu saloledwa kudutsa, si pamene akulangizidwa kuti azifika tsiku lililonse. Dziko la Beljiyamu, limene mu 2022 linapatsa wantchito ufulu wopempha sabata ya masiku anayi, linaika maola 9 ndi theka pa tsiku, ndipo maola 10 amatheka pokhapokha pali mgwirizano ndi bungwe la antchito. Pempholo limagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi basi, kenako munthu amapemphanso ngati akufunabe. Abale athu amene ali ku Joni amatetezedwa ndi lamulo la kumeneko la 1997, limene limalola maola 12 pa tsiku, lanchi ili momwemo, koma pokhapokha atagwirizana molemba, ndipo sabata isapitirire maola 45. Ine ndinganene mosabisa kuti malo amene amagwira maola 48 pa sabata asaunjike maolawo m'masiku anayi. Tsiku lililonse lingakhale lofika kale pa malire, moti kasitomala akachedwa kapena magetsi akazima masana, palibe ngakhale mphindi khumi zotsala zowonjezera.

Kuwerenga tsiku lonse la munthu

Tiyerekeze kampani yopanga mipando ku Makata mu mzinda wa Blantyre. Ili ndi antchito 15, amagwira maola 40 pa sabata, kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo, ndi ola limodzi la lanchi limene sililipidwa. Mwini wake akufuna masiku anayi. Walemba papepala kuti azilowa 7 koloko n'kuweruka 6 koloko madzulo: maola khumi a ntchito, limodzi la lanchi. Akayang'ana pepalalo aona kuti pakati pa kuweruka ndi kulowanso pali maola 13. Malamulo a mayiko a ku Ulaya amafuna maola 11 opuma, a ku Joni amafuna 12, ndiye iye wapitirira onse awiri. Zikuoneka ngati zatheka.

Tsopano titenge mmodzi mwa antchitowo, mayi amene amapaka vanishi, amene amakhala ku Bangwe ndipo ali ndi ana awiri a sukulu. Amakwera minibasi ziwiri, kusinthira ku Limbe. Tikaphatikiza kuyenda pansi kukafika pa siteji, kudikira kuti minibasi idzaze ndi mzere wa magalimoto, tinene kuti ulendo umamutengera ola ndi theka. Kuti afike 7 koloko ayenera kunyamuka 5:30. Kuti anyamuke 5:30 ayenera kudzuka 4:30, akoleze mbaula, atereke madzi osamba, aphike phala la ana. Madzulo akaweruka 6 koloko afika kunyumba 7:30. Agule ndiwo pa msika wa panjira, aphike nsima, adye, atsuke mbale, aone makope a ana, achape yunifolomu. Akagona 10 koloko ndiye kuti wafulumira. Kuchokera 10 koloko mpaka 4:30 ndi maola asanu ndi limodzi ndi theka, ngati tulo tabwera nthawi yomweyo ndiponso mwana sanadzuke usiku.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Mayiyu akuperewera theka la ola usiku uliwonse, masiku anayi otsatizana, ndipo apa n'kuti zonse zayenda bwino. Maola 13 aja amene bwana anaona papepala, atatu adyedwa ndi msewu, atatu ndi theka ndi ntchito za pakhomo. Malamulo a ku Ulaya aja analembedwa poganizira anthu amene ambiri amafika kunyumba msanga n'kupeza madzi otentha mumpopi. Kwa ife, nambala yofunika kuiona ndi imene imatsala mukachotsa zonsezi pa maola 24.

Ndiye tsiku lina oda yachedwa, kapitawo n'kunena kuti tingowonjezera maola awiri okha. Kale, pa maola 8, zimenezi zinkatanthauza kuweruka 6:30. Pa dongosolo latsopanoli ndi 8 koloko usiku. Ntchito yakwana maola 12, mpumulo wa papepala ndi maola 11. Koma mayi uja afika kunyumba 9:30, atakhala maso maola 17 chidzukireni. Akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Mayiyu awoloka msewu ku Limbe ali chonchi, ndipo mnzake amene amabwera pa njinga yamoto aiyendetsa mumdima ali chonchi. N'chifukwa chake lamulo loyamba la dongosolo la masiku anayi liyenera kukhala lakuti pa tsiku la maola khumi palibe ovataimu. Oda ikapanikiza, bwana apemphe anthu ochepa pa tsiku lawo lopuma, awalipire kawiri monga lamulo limanenera pa ntchito ya tsiku lopuma, ndipo zisakhale za sabata ndi sabata.

Palinso dzuwa. M'mwezi wa Juni ku Blantyre limalowa nthawi isanakwane 5:30, ndipo limatuluka cha m'ma 6 koloko. Woweruka 6 koloko amatuluka pageti kutada kale, ndipo amanyamuka kunyumba kusanache. Kwa mayi woyenda yekha m'tinjira ta m'makwalala, amenewa si mavuto ang'onoang'ono, ndipo bwana wobwera pa galimoto sangawaone ngati sanafunse.

Kuwerenga kotereku kuchitike kwa munthu aliyense, osati kwa wantchito wongoganiziridwa. Pa anthu 15 aja, mnyamata wokhala ku Ndirande amene amafika wapansi m'mphindi 25 sadzavutika, mwina adzagona maola 8. Dongosolo liyezedwe ndi amene amakhala kutali kwambiri ndiponso amene ali ndi udindo waukulu pakhomo. Ngati iwowo sakukwanitsa maola 7 a tulo, dongosolo lisinthe. Kwa kampani yathuyi pali njira zingapo. Lanchi ikhoza kukhala ya mphindi 45, sabata n'kutsika kufika maola 38, ndiye kuti maola 9 ndi theka pa tsiku. Pamenepo kulowa ndi 7 koloko, kuweruka 5:15, ndipo mayi uja wapeza mphindi 45, zimene zikumufikitsa pa maola 7 ndi mphindi 15 za tulo. Bwana wataya maola awiri pa munthu pa sabata. Akakana zimenezo, akhoza kupereka galimoto ya kampani yokasiya ndi kukatenga anthu ku Limbe, minibasi imodzi n'kuchoka pa ulendowo. Chimene sindingalangize ndi kufupikitsa lanchi mpaka mphindi 20 kapena kuichotsa kuti anthu aweruke msanga. Antchito eni ake ndi amene amapempha zimenezi, ndipo pempholi liyenera kukanidwa.

Ola lachisanu ndi chinayi ndi lakhumi

Maola awiri owonjezerawo amabwera kumapeto, munthu atatopa kale, ndipo safanana ndi maola awiri a m'mawa. Simon Folkard, katswiri wa ku Britain amene ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa ngozi za m'mafakitale, anapeza kuti poyerekeza ndi shifiti ya maola 8, ya maola 10 imakweza mpata wa ngozi ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo ya maola 12 ndi pafupifupi 27 peresenti. Ngozi sizikwera pang'onopang'ono tsiku lonse. Zimayamba kukwera kwambiri ola lachisanu ndi chitatu likadutsa. Kwa kalaliki zimenezi ndi nambala yolakwika pa invoisi. Kwa wocheka matabwa ndi chala.

Gulu lomweli linaphunzira za ngozi pa fakitale ina yolumikiza magalimoto, pamene anthu ankapuma maola awiri alionse. Linapeza kuti mu theka la ola lomaliza asanapume, mpata wa ngozi unali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi theka la ola loyamba atangochoka kopuma. Phunziro lake ndi lothandiza kwambiri kwa wokonza dongosolo: kutalika kwa tsiku n'kofunika, koma kutalika kwa nthawi imene munthu wagwira osapuma n'kofunikanso chimodzimodzi. Tsiku la maola khumi lokhala ndi mipumulo yokwanira likhoza kukhala lotetezeka kuposa la maola asanu ndi atatu limene munthu amangopuma pa lanchi.

Ndiye pa kampani yathu ija tsiku likonzedwe motere. Macheka ndi makina opala matabwa ayambe m'mawa, anthu akadali ndi mphamvu. Cha m'ma 9:15 onse apume mphindi 15, makina atazimitsidwa, amwe tiyi. Lanchi ikhale cha m'ma 11:45. Mpumulo wina ubwere cha m'ma 2:30, nthawi imene thupi limalemera ngakhale kwa amene anagona bwino, ndipo kampumulo kena kafupi cha m'ma 4 koloko. Ikamakwana 3:30 macheka azimitsidwe mpaka mawa. Nthawi yotsalayo ndi ya kulumikiza mipando, kukulunga zomalizidwa, kuyeza ndi kulemba matabwa a mawa, kunola zida ndi kusesa. Ntchito zimenezi zimayenera kuchitika ndithu, kungoti kale zinkamwazikana tsiku lonse. Dalaivala wa lole asatumizidwe ku Zomba 3 koloko masana. Maulendo ataliatali anyamuke m'mawa.

Pali china chimene ambiri amaiwala, ndipo sichioneka msanga ngati ngozi. Malire a phokoso, fumbi ndi mankhwala amene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito anawerengedwa poganizira tsiku la maola 8. Phokoso la madesibelo 85 ndi malire a maola 8. Mulingo wake mungauzindikire popanda chipangizo: ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene waima pa mtunda wa mita imodzi akumveni, mwafika pamenepo kapena mwadutsa. Tsiku likatalika kufika maola 10 malire amatsika kukhala madesibelo 84, pa maola 12 amakhala pafupifupi 83. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma madesibelo atatu alionse owonjezera amatanthauza phokoso lamphamvu kawiri. Makina amene dzulo anali pa malire enieni, lero adutsa, ngakhale palibe amene wawakhudza.

Pa mankhwala ngati vanishi, penti ndi guluu nkhani ndi yokulirapo, chifukwa thupi limapuma mpweya woipawo nthawi yaitali kenako n'kukhala ndi nthawi yochepa youchotsa. Akatswiri awiri a m'makampani a mafuta, Brief ndi Scala, anapereka mu 1975 njira yosavuta yowerengera. Mugawe 8 ndi maola a tsiku latsopano, kenako muchulukitse ndi maola otsala opuma mutawagawa ndi 16. Pa tsiku la maola 10 ndi (8 ÷ 10) × (14 ÷ 16) = 0.7. Ndiye kuti mpweya wa vanishi m'chipinda cha mayi uja uyenera kutsika kufika magawo 7 pa 10 a malire akale. Pa maola 12 yankho ndi theka. Kampani yaing'ono ilibe chipangizo choyezera mpweya, koma ikhoza kuchita chinthu chapafupi: mayiyo asapake vanishi maola oposa amene ankapaka kale pa tsiku, nthawi yotsalayo agwire ntchito ina panja pa chipindacho, mazenera ndi fani zikhale zogwira ntchito, ndipo zosefera za chophimba kumphuno zisinthidwe pafupipafupi kuposa kale.

Tsiku lopuma likhale liti

Aliyense amafuna Lachisanu kapena Lolemba, kuti apume masiku atatu otsatizana, apite kumudzi, akaone munda. Kutseka kampani yonse Lachisanu ndi njira yophweka, ndipo ndi yokhayo imene imapulumutsadi mafuta a jenereta. Vuto lake ndi lija la ku Utah, kasitomala wa Lachisanu. Njira ina ndi kusinthana: pa anthu 15, atatu apume tsiku lililonse, 12 akhalepo. Maola sataika, popeza anthu 15 kuchulukitsa ndi maola 8 ndi 120, ndipo anthu 12 kuchulukitsa ndi maola 10 ndi 120 yomweyo. Koma pamafunika kuona kuti tsiku lililonse pali wodziwa makina alionse, wosunga makiyi a sitolo, wosayinira katundu ndi wophunzitsidwa chithandizo choyamba. Pakasowa mmodzi mwa amenewa, foni ya munthu wopuma imayamba kulira, ndipo tsiku lake lopuma latha. Kapitawo ndiye amavutika kwambiri pa njira imeneyi: kampani ikutsegula maola khumi masiku asanu, ndipo ngati alibe wachiwiri wake amapezeka akugwira maola 50.

Kunena za thupi, tsiku labwino kupuma ndi Lachitatu. Munthu amagwira masiku awiri, n'kupuma, n'kugwiranso awiri, ndipo ngongole ya tulo siunjikana mpaka usiku wachinayi. Ambiri salikonda poyamba. Koma kwa ogwira ntchito yolemetsa, achikulire ndi okhala kutali, ndi limene ndingayambe kuwasonyeza. Asilamu adzafuna Lachisanu chifukwa cha mapemphero a masana, a Seventh Day adzafuna kukhala ataweruka dzuwa lisanalowe Lachisanu, ndipo zimenezi zikadziwika msanga zimathandiza kugawa masiku popanda mkangano.

Tchuthi chiwerengedwe m'maola kuyambira tsiku loyamba. Lamulo lathu limapereka masiku 15 pa chaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Pa maola 8 amenewo ndi maola 120, ofanana ndi masiku 12 a maola khumi, ndipo onsewa ndi masabata atatu. Munthu akangomva kuti masiku ake atsika kuchoka pa 15 kufika 12 amaona ngati wamuberedwa, ndiye zimenezi zikambidwe ndi kulembedwa, pamodzi ndi zoyenera kuchitika holide ya boma ikagwera pa tsiku limene munthu amapuma kale.

Tsiku lachisanulo likupita kuti? Funso limeneli kuno kwathu ndi lalikulu. Dongosolo lonse limadalira kuti munthu apumedi, abweze tulo timene anataya. Koma malipiro ndi ochepa, ndipo kalipentala amene wapatsidwa Lachisanu akhoza kukakhoma denga la munthu ku Chilomoni, Loweruka n'kumalizitsa. Maola 40 a kukampani, 10 a Lachisanu ndi 8 a Loweruka akwana 58. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti kugwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza mpata wa sitiroko ndi 35 peresenti, ndiponso wa kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Sindikuona kuti bwana ali ndi ufulu woletsa munthu kusaka ndalama pa tsiku lake, ndipo kuletsa kungangochititsa kuti anthu azibisa. Chofunika ndi kukambirana poyera, kuti wogwira macheka Lolemba m'mawa akhale atapuma tsiku limodzi lathunthu, ndiponso kuti onse adziwe kuti phindu la masiku anayi likhoza kuthera m'maganyu.

Kuyesa ndi kuona ngati zikuyenda

Dongosololi liyambe ngati loyesa, la miyezi isanu ndi umodzi, ndipo aliyense akhale ndi njira yobwerera ku masiku asanu popanda kuonedwa ngati waulesi. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wodwala shuga amene amayenera kudya pa nthawi yake, wa kuthamanga kwa magazi, onsewa asakakamizidwe. Miyezi iwiri si yokwanira, pa zifukwa ziwiri. Masabata oyamba aliyense amakhala wokondwa ndi tsiku latsopano lopuma, ndipo kutopa kumadzaonekera pambuyo. Chinanso ndi nyengo. Dongosolo loyenda bwino mu Meyi likhoza kulephera mu Okutobala, pamene pansi pa malata pamatentha ngati mu uvuni kuyambira 11 koloko, kapena mu Januwale pamene mvula imatalikitsa ulendo wa minibasi. Nthawi yoyesayo idutse m'nyengo imodzi yovuta.

Kuyeza kuyambe mwezi umodzi dongosolo lisanasinthe, apo ayi palibe choyerekezera. Zida zake ndi kope ndi cholembera. Choyamba kulemba ndi nthawi yeniyeni imene anthu atuluka pageti, chifukwa 5:15 ya papepala imasanduka 5:45 mosazindikira. Chachiwiri ndi tulo: kwa masabata awiri, aliyense alembe nthawi imene wagona ndi imene wadzuka, osalemba dzina ngati akuopa. Chachitatu ndi kusinza. Akatswiri a ku Sweden ali ndi muyeso wa manambala 1 mpaka 9, wotchedwa Karolinska, pamene 1 ndi munthu watcheru kwambiri, 7 ndi watulo koma wosavutika kukhala maso, ndipo 9 ndi amene akulimbana ndi tulo. Wantchito amangotchula nambala yake m'mawa, itatha lanchi ndi ola lomaliza. Wogwira makina kapena woyendetsa galimoto akamafika pa 7 kawirikawiri, pali vuto.

Chachinayi ndi chimene chimafuna kukhulupirirana kwambiri. Chilichonse cholakwika chilembedwe pamodzi ndi ola lake ndi tsiku lake: thabwa lodulidwa mofupika, mwendo wa mpando womatidwa chozondoka, dzanja limene linatsala pang'ono kukhudza macheka, munthu amene anapunthwa. Pa anthu 15 ngozi yaikulu imachitika mwa apo ndi apo, moti kutha miyezi isanu ndi umodzi popanda wovulala sikutsimikizira kuti dongosolo ndi labwino. Tizolakwika ting'onoting'ono ndi tambiri, ndipo ndi timene timasonyeza kumene zinthu zikulowera. Mukationa tikuchuluka 3 koloko ikadutsa, kapena pa tsiku lachinayi la ntchito kuposa loyamba, kutopa ndiko kukulankhula. Koma kopeli limafa tsiku limene munthu adzadulidwe malipiro chifukwa cha zimene analemba yekha. Bwana alonjeze zimenezi pamaso pa onse ndipo asunge lonjezolo.

Zizindikiro zina sizilowa m'kope, koma kapitawo watcheru amaziona. Anthu amene kale ankacheza pa lanchi ayamba kugona pa matabwa. Kuchedwa kwachuluka Lachinayi m'mawa. Timikangano tikubuka madzulo pa zinthu zazing'ono. Ena ayamba kudalira zakumwa zopatsa mphamvu kapena mapilitsi a mutu tsiku lililonse. Ndipo ngati munthu akuti tsiku lake lopuma amangogona mpaka masana, ndiye kuti masiku anayiwo akumudyera lachisanu.

Malire oimitsira dongosolo agwirizanidwe lisanayambe, pamene aliyense mutu uli wozizira. Kampani yathu ikhoza kulemba kuti ngati anthu atatu mwa 15 akugona maola osakwana 6 pa masiku a ntchito, kapena zolakwika za maola awiri omaliza zapitirira za m'mawa kwa mwezi wathunthu, kapena wina wavulala kapena kuchita ngozi pamsewu chifukwa cha tulo, onse akhala pansi sabata yomweyo. Manambalawa kampani iliyonse isankhe ake. Ubwino wowalemba msanga ndi wakuti pofika nthawiyo anthu amakhala atalikonda Lachisanu lawo, ndipo amabisa kutopa kuti asalandidwe.

Zikapezeka kuti maola khumi akulemera, sikuti basi kubwerera ku zakale. Pali dongosolo lapakati la masiku asanu ndi anayi pa masabata awiri: masiku asanu ndi atatu a maola 9 ndi limodzi la maola 8, zonse pamodzi maola 80, ndipo Lachisanu limodzi mwa awiri alionse ndi lopuma. Sabata yodzaza imakhala ya maola 44, inayo 36, zonse pansi pa malire a 48. Kwa mayi wa ku Bangwe uja, kulowa 7:15 ndi lanchi ya mphindi 45 kukutanthauza kuweruka 5 koloko, kufika kunyumba 6:30, kugona 9 koloko ndi kudzuka 4:45, maola 7 ndi mphindi 45 a tulo.